Wowononga mpweya alipire pa tani iliyonse

Kumapeto kwa chaka cha 2018 anthu ambiri ku France anatseka misewu atavala majekete achikasu, pokwiya ndi msonkho wa mafuta a galimoto umene boma linkafuna kukweza ponena kuti likulimbana ndi utsi. Pofika mu Disembala boma linagonja, kukwezako kunaimitsidwa. Kuyambira pamenepo, kulikonse kumene nkhani ya msonkho wa utsi yabuka, otsutsa amaloza ku France, n'kumati onani, msonkho wotere anthu saufuna, ndipo pali njira zina zofatsa. Ena amati boma lingotseka mafakitale owononga, ena amati liwathandize ndi ndalama, ena amati liike mtengo wosapitirira, enanso amati liwadule pa phindu lawo. Ine ndili mbali ya msonkho. Pamene kupanga katundu kukupweteka anthu apadera, amene sanagule kapena kugulitsa nawo, msika umapanga katunduyo mopitirira muyeso, ndipo mankhwala ake enieni ndi msonkho wolipidwa pa gawo lililonse la chiwonongekocho, wofanana kukula ndi chiwonongekocho. Njira zinazo zimamveka zachifundo, koma ukaziika pa masamu zambiri zimaphonya pamene pali bala.

Tiyambe ndi bala lenilenilo. Wopanga katundu akamaganiza zowonjezera tani ina imodzi, amadzifunsa funso limodzi: kodi ndalama imene ndilandire iposa imene ndiwononge? Amawerengera magetsi, malipiro a antchito, zipangizo, mayendedwe. Zimenezi amaziwerengera bwino kwambiri chifukwa zimachoka m'thumba mwake. Koma mwana wa mtunda wapafupi amene akutsokomola ndi fumbi, mlimi amene masamba a mbewu zake akutidwa ndi phulusa, ndi chipatala chimene chikuwononga mankhwala pa odwala chifuwa, onsewa salemba kalata yofuna malipiro ku fakitale. Mtengo wawo ulipo ndithu, koma sumalowa m'mabuku a wopanga, choncho sulowanso pa mtengo umene wogula amaona. Katundu amaoneka wotchipa kuposa mmene alili, ndipo chotchipa anthu amagula chambiri. Katswiri wa zachuma wa ku Cambridge, Arthur Pigou, anafotokoza zimenezi m'chaka cha 1920, ndipo mpaka lero msonkho wamtunduwu umatchedwa ndi dzina lake. Chofunika kumvetsa n'chakuti vutoli silifuna munthu woipa mtima. Mwini fakitale angakhale wopemphera, wokonda anthu, koma ngati iye yekha achepetsa kupanga pomwe anzake akupitiriza, amangoluza makasitomala, utsi n'kukhala womwewo.

Kuti tione kukula kwa vutoli, tiyerekeze msika wa simenti, ndi manambala ongopeka kuti tiwerengere mosavuta. Tinene kuti popanda msonkho mafakitale akupanga matani 100,000 pa chaka, ndipo tani imodzi ikugulitsidwa madola 100. Pamenepo tani yomaliza wogula akuiona kuti ndi yoyenera madola 100, ndipo fakitale yaipanga ndi madola 100. Tinenenso kuti tikamabwerera mmbuyo ndi matani 1,000 alionse, timapeza ogula ofunitsitsa kwambiri, olola kulipira dola imodzi yowonjezera, pomwe mtengo wopangira umatsika ndi theka la dola chifukwa mafakitale amasiya kaye ng'anjo zakale zodya mafuta ambiri. Pomaliza, tinene kuti tani iliyonse imasiyira anthu apadera chiwonongeko cha madola 30. Tsopano taonani tani yomaliza ija: phindu lake kwa wogula ndi 100, koma mtengo wake wonse ndi 130. Dziko laluza 30 pa tani imeneyo, ngakhale wogula ndi wogulitsa onse achoka akumwetulira. Tani ya nambala 90,000 ili ndi phindu la 110, kupanga kwake ndi 95, kuphatikiza 30 ndi 125, ndiye kuti nayonso ikuluzitsa 15. Tikafika pa tani ya nambala 80,000, phindu ndi 120, kupanga ndi 90, kuphatikiza 30 ndi 120, zafanana. Apa ndiye pa malire. Matani onse a mmunsi mwa 80,000 ndi oyenera kupangidwa ngakhale titawerengera fumbi lawo, koma matani 20,000 apamwambawo ndi amene tikuwatcha opitirira muyeso.

Msonkho wa madola 30 pa tani umachita chinthu chimodzi chokha, koma chokwanira. Umasandutsa mtengo wa anthu apadera kukhala mtengo wa fakitale. Mwini fakitale akamawerengera tani ina, tsopano akuona 30 ija m'mabuku mwake, ndipo tani iliyonse imene siingathe kubweza mtengo wopangira pamodzi ndi msonkho amaisiya yekha, popanda womuuza. Msika umakhazikika pa matani 80,000, wogula akulipira madola 120, fakitale ikutsala ndi 90, boma likulandira 30. Onani kuti mtengo sunakwere ndi 30 yonse. Wogula wasenza 20, wopanga wasenza 10, chifukwa pachitsanzo chathu ogula ndi amene akuvutika kwambiri kusiya simenti. Nanga dziko lapindula bwanji? Matani 20,000 amene asiyidwa akanabweretsa chiwonongeko cha madola 600,000. Phindu limene ogula ndi opanga akanapeza pa matani omwewo linali madola 300,000 okha. Kusiyana kwake, madola 300,000 pa chaka, ndi chuma chimene chinkatayika osaoneka ndi aliyense. Madola 2,400,000 amene boma latolera sali m'gulu la zotayika kapena zopindula. Angosamuka kuchoka m'matumba ena kupita m'thumba la boma, ndipo funso la kumene apite ndibwererako, chifukwa n'limene linagwetsa msonkho wa ku France.

Mfundo yoyamba ya otsutsa, imenenso ili ndi mphamvu pa mtima, ndi yakuti msonkho ndi chilolezo chowonongera. Amati ngati fumbi likudwalitsa ana, bwanji osangotseka mafakitalewo m'malo mogulitsa thanzi la anthu ndi madola 30? Ndikumva ululu uli mu funsoli, ndipo pali nthawi imene yankho lake ndi kutseka basi. Petulo wosakaniza ndi mtovu anayenera kuletsedwa, ndipo dziko lomaliza kumugulitsa, Algeria, linasiya mu 2021. Pamenepo chiwonongeko cha ubongo wa ana chinali chachikulu kwambiri, komanso petulo wopanda mtovu analipo, moti muyeso woyenera wa mtovu unali ziro. Koma simenti si choncho. Tani ya nambala 50,000 pachitsanzo chathu ili ndi phindu la madola 150 kwa wogula, pomwe mtengo wake wonse, fumbi lomwe, ndi 105. Tani imeneyo mwina ikumanga mlatho kapena chipinda cha odwala. Tikaphatikiza phindu lotsala pa matani onse 80,000 oyenera aja, limakwana madola 4,800,000 pa chaka. Kutseka ndiye kuti tataya 4,800,000 pothawa kutaya 300,000. Walira mvula walira matope: amene akufuna nyumba ndi milatho avomereze kuti fumbi lina lidzakhalapo, ndipo nkhani ndi yakuti likhale lochuluka bwanji komanso alipire ndani.

Mfundo yachiwiri imachokera kwa eni mafakitale ndi owamvera chisoni. Iwo amati m'malo mowalanga, boma liwathandize ndi sabuside kuti mtengo wopangira utsike, simenti itchipe, ntchito zisathe. Apa ndi pamene ambiri amasocheretsedwa, chifukwa sabuside ndi mankhwala abwino pa matenda ena. Pamene chinthu chikupindulitsa anthu apadera, monga katemera amene amateteza ngakhale wosabayidwa, msika umapanga zochepa, ndipo sabuside amakweza chiwerengero kufika poyenera. Koma vuto lathu ndi lotembenuka. Katundu wachuluka kale. Boma likapereka madola 30 pa tani iliyonse yopangidwa, msika umasunthira ku matani 120,000, ndipo chiwonongeko chimakwera kuchoka pa madola 3,000,000 kufika pa 3,600,000, kwinaku okhometsedwa misonkho, kuphatikizapo otsokomola aja, akulipirira fumbi lowonjezeralo. Ena amakonza mfundoyi n'kunena kuti sabuside akhale wogulira zosefera utsi zokha. Zimenezo zili bwino pang'ono, chifukwa fumbi la tani iliyonse limachepa. Komabe simenti imakhalabe yotchipa kuposa mtengo wake weniweni, palibe wogula amene amaganiza zoigwiritsa ntchito mosamala, ndipo bizinesi imene boma likulipirira zipangizo imakopa mafakitale ena atsopano.

Mfundo yachitatu ndi ya mtengo wosapitirira, ndipo ndi yosangalatsa kuilingalira chifukwa poyamba imaoneka ngati yagwira. Boma likalamula kuti tani isadutse madola 90, mafakitale adzapanga matani 80,000 okha, chiwerengero chomwe chija timafuna. Ndiye vuto lili pati? Lili kwa ogula. Pa madola 90 anthu akufuna matani 110,000, kutanthauza kuti matani 30,000 akusowa. Simenti yochepayo sipita kwa amene akuifuna kwambiri, imapita kwa amene wafika msanga pamzere kapena amene ali ndi womudziwa kosungira katundu. Womanga chipatala, amene akanalolera kulipira 150, angabwerere chimanjamanja, pomwe wofuna kukongoletsa bwalo, amene sakanalipira ndi 95 yomwe, wanyamula matumba ake. Sipatenga nthawi kuti msika wamseri uyambe, mtengo n'kufika cha pa 120 womwewo, kusiyana kwake n'kwakuti 30 ija tsopano ikulowa m'thumba la wogulitsa mwamseri. Kuwonjezera apo, fakitale ilibe chifukwa chilichonse choyeretsera utsi wake, popeza lamulo likukamba za mtengo, silikukamba za fumbi.

Mfundo yachinayi ndi imene ndimaiona ngati yonyenga kuposa zonse, chifukwa nayonso ndi msonkho. Anthu amati mafakitalewa ndi olemera, boma liwadule kwambiri pa phindu lawo, kapena liwalipiritse layisensi yodula chaka ndi chaka. Tinene kuti boma latolera madola 2,400,000 omwewo kudzera mu layisensi. Mwini fakitale walipira mu Januwale, ndalama yapita. Mu Juni akamaganiza za tani ina, kodi layisensi ikulowa m'masamu ake? Ayi, chifukwa apange tani imeneyo kapena asapange, layisensi ndi yomweyo. Choncho amapitiriza mpaka pa matani 100,000, fumbi lomwelo. Msonkho wa phindu nawonso ndi chimodzimodzi: chiwerengero cha matani chimene chimabweretsa phindu lalikulu boma lisanadule, n'chomwecho chimabweretsa phindu lalikulu boma litadula gawo lake. Kungachitike kuti fakitale yofooka itseke chifukwa cha layisensi, koma imene yatsekayo ndi yaing'ono, si kuti ndi yowononga kwambiri. Apa pali chiyeso chimene aliyense angagwiritse ntchito akamva za msonkho wina umene akuutcha woteteza chilengedwe. Afunse kuti, ngati ine nditachepetsa chiwonongeko changa ndi theka, kodi ndilipira zochepa? Yankho likakhala ayi, umenewo ndi msonkho wamba wovala dzina labwino.

Chiyeso chomwechi chikutiuza kuti ngakhale msonkho wa pa tani ya simenti si wabwino koposa. Wabwino koposa ndi wa pa utsi weniweniwo, pamene n'kotheka kuuyeza. Pamenepa ndiye tikuyankha mfundo yachisanu, ya anthu amene amati boma lingolamula fakitale iliyonse kuchepetsa utsi ndi mlingo wofanana. Lamulo lotere limamveka lachilungamo, ndipo limagwira ntchito ndithu, koma limadula. Taganizirani mafakitale awiri, ndipo dziko likufuna utsi uchepe ndi matani 20. Yoyamba ingachotse tani ya utsi ndi madola 10, yachiwiri imafuna madola 50 chifukwa cha mmene inamangidwira. Lamulo loti iliyonse ichotse matani 10 limadya madola 100 kuphatikiza 500, onse 600. Koma pakakhala msonkho wa madola 30 pa tani ya utsi, yoyamba imaona kuti kuyeretsa n'kotchipa kuposa kulipira, n'kuchotsa matani 20 ndi madola 200, pomwe yachiwiri imalipira msonkho. Mpweya wayera chimodzimodzi, pa gawo limodzi mwa magawo atatu a mtengo. Chachikulu n'chakuti boma silinafunike kudziwa kuti fakitale iti ingayeretse motchipa, zimene eni ake sangaulule ngakhale atafunsidwa. Komanso lamulo likakwaniritsidwa, khama limathera pomwepo, pomwe msonkho umalipira aliyense wotulukira njira yochotsera tani inanso. Njira yogulitsana ziphaso za utsi, imene America inakhazikitsa mu 1990 polimbana ndi utsi wa salufa wa m'malo opangira magetsi, ndi m'bale wake wa msonkho, chifukwa nayonso imaika mtengo pa tani iliyonse. Sindilimbana nayo.

Palinso ophunzira amene amatchula katswiri wina wa zachuma, Ronald Coase, amene mu 1960 anaonetsa kuti ngati zikudziwika bwino kuti ufulu ndi wa ndani, ndipo kukambirana sikudya ndalama, wowononga ndi wowonongeredwa angagwirizane okha popanda msonkho. N'zoona pakati pa anthu awiri oyandikana. Koma fumbi likugwera anthu 50,000, aliyense akuvutika pang'ono, ndani angawasonkhanitse, ndipo ndani angaletse ena kukhala phee kudikira kuti anzawo awamenyere nkhondo? Coase mwini wake ankatsindika kuti kukambirana kumadya ndalama, ndipo pa utsi kumadya zambiri.

Tsopano tifike pa zimene otsutsa akunena zoona. Choyamba, nambala 30 ija pachitsanzo ndangoilemba, koma m'moyo weniweni iyenera kufufuzidwa kuchokera ku odwala, masiku a ntchito otayika ndi zokolola zochepa, ndipo akatswiri amasiyana pa zotsatira. Msonkho ukhoza kuchepa kapena kupitirira. Koma amene akukana msonkho chifukwa nambala siyikudziwika bwino wasankhanso nambala, ndiyo ziro, ndipo imeneyo tikudziwa motsimikiza kuti ndi yolakwa. Pachitsanzo chathu, msonkho wa madola 15, theka chabe la woyenera, ukanatsitsa matani kufika pa 90,000 n'kupulumutsa madola 225,000 mwa 300,000 aja, chifukwa matani oyamba kusiyidwa ndi amene ankaluzitsa kwambiri. Kuphonya pang'ono sikuwononga zambiri.

Chachiwiri, ndipo ichi n'chimene chimandikhudza kwambiri, msonkho wa mafuta kapena magetsi umalemera kwambiri pa wosauka, chifukwa iye amawononga gawo lalikulu la ndalama zake pa zinthu zimenezi, ndipo nthawi zambiri alibe njira ina. Ambiri mwa anthu a majekete achikasu anali okhala kutali ndi mizinda ikuluikulu, kumene popanda galimoto sufika kuntchito, ndipo sankaona ndalama za msonkho zikubwerera kwa iwo. Mkwiyo wawo unali womveka. Koma yankho si kufafaniza msonkho, ndi kubweza ndalama m'njira yosadalira kuchuluka kwa mafuta amene munthu wawotcha. Chigawo cha British Columbia ku Canada chitayamba msonkho wa utsi mu 2008, pa madola 10 a dzikolo pa tani, chinalemba m'lamulo kuti ndalamazo zibwerere kwa anthu kudzera m'kutsitsa misonkho ina ndi kulipira mabanja opeza zochepa. Nzeru yake ili apa: banja likalandira ndalama yofanana kaya lawotcha mafuta ambiri kapena ochepa, limakhalabe ndi chifukwa chochepetsera, koma thumba lake silibooka. Amene amawotcha zochepa amatsala ndi kenakake. Kubweza kolakwika ndi kokhululukira fakitale zazikulu msonkho kapena kutsitsanso mtengo wa mafuta omwewo, chifukwa kumeneko n'kufafaniza ndi dzanja lamanzere chimene lamanja lalemba.

Ena amafunsa kuti kodi anthu amasinthadi khalidwe chifukwa cha msonkho, kapena amangolipira akudandaula? Zimadalira ngati ali ndi kolowera, ndipo nthawi zambiri kolowera kumapezeka pakapita nthawi. Mzinda wa Stockholm ku Sweden unayesa kulipiritsa magalimoto olowa pakati pa mzinda mu 2006, chifukwa galimoto iliyonse yolowa mumsewu wodzaza imachedwetsa ena onse popanda kuwalipira. Magalimoto anachepa pafupifupi ndi 20 pa 100 alionse, ndipo anthu ataona misewu ikuyenda anavotera kuti malipirowo akhale, n'kukhazikitsidwa mu 2007. Ku Ireland, mu 2002, boma linaika masenti 15 a yuro pa thumba lililonse la pulasitiki logulira zinthu, ndipo kugwiritsa ntchito matumbawo kunagwa pafupifupi ndi 90 pa 100 alionse. Kumeneko kolowera kunali pafupi, kungonyamula chikwama chako.

Nkhani ya Ireland ikusonyezanso mmene tingadziwire ngati msonkho ukugwira, komanso mmene umafookera. Muyeso wake si ndalama zimene boma latolera. Msonkho wamtunduwu ukamagwira bwino, chinthu chokhometsedwacho chimachepa, ndipo ndalama zimachepa nacho, choncho nduna ya zachuma imene ikuwerengera ndalamazi kuti izilipirira zinthu zosatha yayamba kale kudalira chiwonongeko. Choyenera kuyeza ndi matani a utsi, magalimoto pamsewu, matumba m'mitsinje. Kufooka kwake kumabwera mwakachetechete: mitengo ya zinthu ikamakwera, msonkho wolembedwa ngati nambala yokhazikika umachepa mphamvu chaka ndi chaka, anthu n'kuuzolowera. Ku Ireland matumba atayambanso kuchuluka, boma linakweza malipiro kufika pa masenti 22 mu 2007. N'chifukwa chake lamulo lokhazikitsa msonkho wotere liyenera kunena kuyambira tsiku loyamba kuti chiwonongeko chiziyezedwa ndi ndani, msonkho uziunikidwanso pakapita zaka zingati, ndipo ndalama zizibwerera kwa yani.